Ngongole Zitatu Zapita Kuti? Mmene Kabokosi Kopanda Kanthu Kamabisira Mizere mu SQL

Tiyerekeze kuti gulu la alimi linakongoza mamembala ake ndalama zogulira feteleza. Ngongole zonse zilipo 8, ndipo zinalembedwa bwinobwino m'kompyuta. Nyengo yokolola yadutsa, ndiye msungichuma akufuna kudziwa amene abweza ndi amene sanabweze. Mlembi wa gululo akufunsa kompyuta kuti ionetse ngongole zobwezedwa, ndipo zikutuluka 3. Akufunsanso kuti ionetse zonse zomwe si zobwezedwa, ndipo zikutuluka 2. Ngakhale mwana wa sitandade 1 angathe kuona kuti 3 kuphatikiza 2 ndi 5, osati 8. Ngongole zitatu sizikuoneka uku, sizikuonekanso uko.

Palibe amene wafufuta kanthu. Kompyuta sinaonongeke, ndipo sinalembe uthenga uliwonse wochenjeza. Yachita ndendende zimene malamulo ake amanena. Vuto ndi lakuti malamulowo amasiyana ndi mmene ife anthu timaganizira tikamanena kuti "osati ichi". Aliyense amene amalemba, kulandira kapena kusaina malipoti ochokera m'kompyuta, kaya kusukulu, kuchipatala, kubanki kapena ku bungwe, ayenera kukudziwa kusiyana kumeneku, chifukwa mizere imene imasowa motere nthawi zambiri ndi yomwe imafunika kuiona msanga kuposa ina yonse.

Tebulo lathu

Mabungwe ambiri amasunga zolemba zawo mu databesi, yomwe ndi nkhokwe ya m'kompyuta yosunga zinthu m'matebulo. Tebulo lililonse lili ndi mizere yopingasa, ndipo mzere umodzi umaimira chinthu chimodzi, monga ngongole imodzi. Lilinso ndi makolamu otsika, ndipo kolamu iliyonse imasunga mtundu umodzi wa uthenga, monga kuchuluka kwa ndalama. Pomwe mzere wakumana ndi kolamu pamakhala kabokosi kamodzi. Chiyankhulo chofunsira mafunso ku nkhokweyi ndi SQL. Chinayambira ku kampani ya IBM ku Amereka m'zaka za m'ma 1970, ndipo amene anachikonza ndi Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, potsatira nzeru zomwe Edgar Codd anasindikiza mu 1970. Malamulo ake ogwirizana anakhazikitsidwa koyamba mu 1986. Mapulogalamu monga PostgreSQL, MySQL, Oracle, SQL Server ndi SQLite onse amamva chiyankhulo chimenechi.

Tebulo la gulu lathu la alimi dzina lake ndi `ngongole`, ndipo likuoneka chonchi:

```
nambala | ndalama | mapeto
1       | 80000   | yabwezedwa
2       | 120000  | yatsala
3       | 60000   | NULL
4       | 95000   | yabwezedwa
5       | 150000  | NULL
6       | 70000   | yatsala
7       | 110000  | yabwezedwa
8       | 45000   | NULL
```

Ndalama zonse zimene gulu linakongoza ndi K730,000. M'kolamu ya `mapeto` mlangizi woyendera alimi amalemba zimene wapeza akapita kwa mlimi. Pa ngongole 3, 5 ndi 8 sanalembepo kanthu. Mwina sanafike kwa alimiwo chifukwa mlatho unakokoloka, mwina anafika koma pepala linatayika. Pamalo otere databesi imaika chizindikiro cha `NULL`.

Funso limene mlembi analemba ndi ili:

```sql
SELECT * FROM ngongole
WHERE mapeto <> 'yabwezedwa';
```

Chizindikiro cha `<>` chimatanthauza kuti zinthu ziwirizo si zofanana. Ena amalemba `!=`, ndipo m'mapulogalamu ambiri zotsatira zake n'zimodzimodzi. Mlembi amayembekezera mizere isanu ya K445,000. Wapeza iwiri, ya nambala 2 ndi 6, yokwana K190,000. Ndalama zokwana K255,000 sizili m'lipoti limene msungichuma atenge kupita nalo kumsonkhano.

Kusadziwa si ziro

Kuti timvetse zomwe zachitika, tiyenera kuyamba tavomereza kuti `NULL` si chinthu cholembedwa m'kabokosi ngati mmene mawu kapena nambala zimalembedwera. Ndi chizindikiro chonena kuti pano palibe chomwe tauzidwa. Si ziro, chifukwa ziro ndi yankho lodziwika. Mlimi amene wabweza K0 timadziwa bwino lomwe kuti sanabweze kalikonse, pomwe mlimi amene pa dzina lake pali `NULL` mwina anabweza zonse, mwina theka, mwina sanabweze n'komwe. M'mapulogalamu ambiri `NULL` si chimodzimodzinso ndi mawu opanda chilembo, omwe amalembedwa `''`, ngakhale kuti Oracle imawatenga mawu otere ngati `NULL`.

Ganizirani mphika wovundikira umene mwaupeza pamoto kunyumba ya eni. Wina akakufunsani kuti, "Kodi mumphikamo muli nyemba?" mudzayankha kuti simukudziwa. Akatembenuza funso n'kunena kuti, "Ndiye kuti si nyemba, eti?" yankho lanu silisintha, simukudziwabe. Kutembenuza funso sikuvundukula mphika. Ndipo akakuonetsani miphika iwiri yovundikira n'kufunsa ngati muli ndiwo zofanana, simungavomere, simungakanenso.

Umu ndi mmene SQL imaganizira. M'moyo wa tsiku ndi tsiku timazolowera mayankho awiri, inde ndi ayi. SQL ili ndi atatu: `TRUE`, kutanthauza kuti ndi zoona, `FALSE`, kutanthauza kuti si zoona, ndi `UNKNOWN`, kutanthauza kuti sizikudziwika. Mukayerekeza chilichonse ndi `NULL` pogwiritsa ntchito `=`, `<>`, `<` kapena `>`, yankho limakhala lachitatuli. Ngakhale `NULL = NULL` siibweretsa `TRUE`, chifukwa zinthu ziwiri zosadziwika sitinganene kuti n'zofanana.

Mmene sefa imaweruzira mzere uliwonse

Mbali ya funso imene imayamba ndi `WHERE` ndiyo sefa. Imatenga mizere umodzi umodzi, n'kuyesa mfundo yomwe mwaipatsa, ndipo lamulo lake ndi limodzi lokha: mzere umadutsa pokhapokha yankho likakhala `TRUE`. Mzere wa `FALSE` umatsala, wa `UNKNOWN` umatsalanso. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tiyeni tiyende nayo sefa ya mlembi. Pa mzere woyamba ikufunsa ngati "yabwezedwa" ndi zosiyana ndi "yabwezedwa". Si zoona, choncho mzerewo utsala, ndipo n'zimene timafuna. Pa mzere wachiwiri ikufunsa ngati "yatsala" ndi zosiyana ndi "yabwezedwa". Ndi zoona, mzerewo udutsa. Ikafika pa mzere wachitatu ikupeza kuti palibe chofanizira. Singanene kuti n'zosiyana, chifukwa mwina mlimiyu anabwezadi koma sizinalembedwe. Yankho ndi `UNKNOWN`, ndipo mzerewo utsala. Zomwezo zichitika pa 5 ndi pa 8.

Funso loyamba lija, lofuna zobwezedwa, linasiyanso mizere itatu yomweyi pa chifukwa chomwechi. Koma pamenepo palibe anadabwa, chifukwa munthu wofuna ngongole zobwezedwa sayembekezera kuona zosalembedwa. Kudabwa kumabwera pa funso lokana basi. Ife tikanena kuti "zonse kupatula zobwezedwa", m'mutu mwathu timatenga mulu wonse n'kuchotsapo zobwezedwazo, ndipo chotsala chilichonse timachiwerengera. SQL sichotsa pa mulu. Imasankha mizere yokhayo imene ili ndi umboni woti ndi yosiyana. Anthu ozolowera Excel amagwa kawirikawiri m'vutoli, chifukwa kumeneko mukalemba `=A1<>"yabwezedwa"` pa kabokosi kopanda kanthu mumalandira `TRUE`.

Pali njira ziwiri zimene munthu amafulumira kuyesa akazindikira kuti mizere ikusowa, ndipo zonse sizithandiza. Yoyamba ndi kulemba `NOT (mapeto = 'yabwezedwa')`. Mawu akuti `NOT` amatembenuza zoona kukhala zabodza, ndi zabodza kukhala zoona, koma chosadziwika amachisiya chili chosadziwika. Mizere idzatuluka iwiri yomwe ija. Yachiwiri ndi kuwonjezera `OR mapeto = NULL`. Iyinso ndi ntchito yopanda phindu, popeza kufananiza ndi `NULL` sikubweretsa `TRUE` pa mzere wina uliwonse. Njira yokhayo yofunsira ngati kabokosi kalibe kanthu ndi `IS NULL`, ndipo yofunsira ngati kali ndi kanthu ndi `IS NOT NULL`. Mafunso awiriwa amayankhidwa inde kapena ayi nthawi zonse, chifukwa sakufunsa za chomwe chili m'kabokosi, akungofunsa ngati munalembedwa kanthu.

Kodi anakonza dala?

Inde, anakonza dala, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Codd analongosola za mayankho atatuwa m'zolemba zake za m'ma 1970, makamaka za mu 1979, pofuna kuti databesi isanene chinthu chimene sikuchidziwa. Tangoganizani zikanakhala kuti lipoti la mlembi ndi mndandanda wa anthu oti alandidwe katundu. SQL ikanamuika mlimi wa nambala 5 pa mndandandawo, anthu akanapita kukatenga njinga ya munthu yemwe mwina anabweza K150,000 yake yonse mwezi watha. Kukana kuweruza popanda umboni kuli ndi ubwino wake.

Komabe akatswiri sanagwirizanepo pa nkhaniyi. Chris Date, amene anagwira ntchito limodzi ndi Codd kwa zaka zambiri, wakhala akutsutsa `NULL` ponena kuti imachititsa mafunso kubweretsa mayankho osokeretsa. Codd mwini wake anaonanso kuti chizindikiro chimodzi sichikukwanira, ndipo m'buku lake la mu 1990 analimbikitsa kuti zikhale ziwiri: china cha uthenga womwe ulipo koma sitinaupeze, china cha uthenga womwe sungakhalepo n'komwe. Tsiku lobadwa la mlimi lilipo ngakhale sitinalilembe, pomwe dzina la mkazi wa munthu wosakwatira kulibe. SQL sinatenge maganizo amenewa. Mpaka lero `NULL` imodzi yomweyo imaimira zonse ziwiri, ndipo kompyuta siingadziwe kuti m'tebulo lanu ikutanthauza chiti. Amene angadziwe ndi munthu wodziwa mmene zolembazo zinasonkhanitsidwira.

Choopsa chenicheni n'chakuti vutoli silipanga phokoso. Mukalakwitsa kalembedwe ka lamulo, pulogalamu imakana n'kukuuzani. Apa funso ndi lolembedwa bwino, limayenda, ndipo lipoti limatuluka looneka lokwanira. Komanso mabokosi sakhala opanda kanthu mwangozi chabe. Ngongole yosalembedwa mapeto ndi ya mlimi amene palibe wamuyendera. Kuchipatala, mzere wopanda zotsatira ndi wa wodwala amene sanabwerere kapena amene magazi ake sanayezedwe. Kusukulu, mzere wopanda malikisi ndi wa mwana amene sanalembe mayeso. Sefa yofuna "onse amene sanakhoze" kapena "onse amene sanachire" imasiya kunja anthu omwewo amene anasiyidwa kale.

Mmene mungadziwire kuti mizere ikusowa

Njira yake ndi ya masamu a kuphatikiza. Pa mfundo iliyonse, mizere ya m'tebulo imagawika m'milu itatu, osati iwiri: yovomera, yokana ndi yosadziwika. Milu itatuyi ikaphatikizidwa iyenera kukwana chiwerengero cha mizere yonse. Mukawerenga iwiri yoyamba n'kupeza kuti sikukwana, mulu wachitatu ulipo.

SQL ili ndi njira yachidule yoonera zimenezi:

```sql
SELECT COUNT(*), COUNT(mapeto)
FROM ngongole;
```

Mbali yoyamba, `COUNT(*)`, imawerenga mizere yonse, ndipo ipeza 8. Yachiwiri, `COUNT(mapeto)`, imawerenga mizere yokhayo imene m'kolamuyo muli kanthu, ndipo ipeza 5. Kusiyana kwake, komwe ndi 3, ndiko kuchuluka kwa mizere imene sefa yokana idzaitaya. Manambala awiriwa akafanana, kolamuyo ilibe `NULL` pakali pano, ngakhale kuti mawa ikhoza kukhala nayo.

Njira ina yoonetsa chithunzi chonse ndi kugawa mizere m'magulu:

```sql
SELECT mapeto, COUNT(*), SUM(ndalama)
FROM ngongole
GROUP BY mapeto;
```

Pogawa magulu, SQL imasonkhanitsa mizere yonse ya `NULL` m'gulu limodzi, ndiye imaoneka poyera. Mudzalandira mizere itatu: zobwezedwa 3 za K285,000, zotsala 2 za K190,000, ndi zosalembedwa 3 za K255,000. Zonse pamodzi ndi K730,000, ndipo buku lagwirizana. Samalani kuti mapulogalamu amaonetsa gulu lachitatuli mosiyana. Ena amalemba mawu akuti `NULL`, ena amangosiya malo oyera, moti diso lothamanga likhoza kudumpha mzerewo.

Kukonza funso

Musanakhudze funso, pali chinthu choti anthu agwirizane, ndipo si nkhani ya kompyuta. Kodi ngongole yosalembedwa mapeto iwerengedwe pamodzi ndi zotsala? Ngati lipoti ndi lothandiza mlangizi kudziwa makomo oti ayendere, yankho ndi inde, ndipo ayambire kumeneko. Ngati ndi la anthu oti alembedwe makalata a chenjezo, yankho ndi ayi, koma payenera kukhala mndandanda wachiwiri wa ngongole zoti zifufuzidwe. Cholakwika ndi kusiya kuti sefa isankhe yokha eni ake osadziwa kuti panali chosankha.

Mukagwirizana kuti zosalembedwa zilowe, njira yogwira ntchito m'mapulogalamu onse ndi kuzitchula:

```sql
SELECT * FROM ngongole
WHERE mapeto <> 'yabwezedwa'
   OR mapeto IS NULL;
```

Tsopano pa mzere wachitatu mfundo yoyamba ndi yosadziwika, koma yachiwiri ndi yoona. Pa `OR` mbali imodzi ikakhala yoona zonse zimakhala zoona, choncho mzerewo udutsa. Ituluka mizere isanu: 2, 3, 5, 6 ndi 8.

Pali msampha umodzi pa njirayi. Tinene kuti msungichuma akufuna ngongole zoposa K50,000 zokha. Mukangowonjezera mfundo yatsopano kutsogolo popanda mabulaketi, SQL imayamba kumanga mbali za `AND` isanafike pa `OR`. Zotsatira zake n'zakuti mzere uliwonse wa `NULL` udzadutsa posatengera ndalama zake, ndipo ngongole ya nambala 8, ya K45,000, idzalowa m'lipoti lomwe si lake. Kalembedwe koyenera ndi aka:

```sql
WHERE ndalama > 50000
  AND (mapeto <> 'yabwezedwa' OR mapeto IS NULL)
```

Njira yachiwiri ndi yaifupi. Malamulo a SQL a mu 1999 anabweretsa mawu ofananizira amene sabweretsa `UNKNOWN`:

```sql
WHERE mapeto IS DISTINCT FROM 'yabwezedwa'
```

Mawuwa amatenga kabokosi kopanda kanthu kukhala kosiyana ndi kolembedwa, ndipo mabokosi awiri opanda kanthu amawatenga kukhala osasiyana. PostgreSQL yakhala nawo kwa nthawi yaitali, pomwe SQL Server inawalandira m'mtundu wake wa 2022. MySQL ili ndi chizindikiro chakechake cha `<=>`, ndipo mumalemba `NOT (mapeto <=> 'yabwezedwa')`. Mu SQLite mukhoza kulemba `mapeto IS NOT 'yabwezedwa'`. Njirayi imathandiza kwambiri poyerekeza makolamu awiri omwe onse angakhale opanda kanthu, monga nambala ya foni yakale ndi yatsopano. Mukagwiritsa ntchito `<>` pofufuza amene nambala zawo zasintha, simudzamuona munthu amene kale analibe foni koma tsopano ali nayo.

Njira yachitatu ndi `COALESCE`, imene imaika china m'malo mwa `NULL` pa nthawi yofunsayo. Mukalemba `COALESCE(mapeto, 'palibe') <> 'yabwezedwa'` mudzapeza mizere isanu yomweyo. Imagwira ntchito, koma ili ndi malire awiri. Mawu olowa m'malowo asakhale amene angapezekedi m'kolamu, apo ayi mudzasakaniza zosadziwika ndi zodziwika. Chachiwiri, pa matebulo aakulu kukulunga kolamu m'malamulo otere kukhoza kulepheretsa databesi kugwiritsa ntchito mlozera wake wofufuzira mwachangu.

Pamene lipoti lonse lituluka loyera

Vuto lomweli lili ndi mbale wake woopsa kwambiri, amene amabisala m'mawu akuti `NOT IN`. Tinene kuti gulu lathu lili ndi tebulo lachiwiri la `malisiti`, momwe amalemba lisiti lililonse la ndalama zobwezedwa pamodzi ndi nambala ya ngongole yake. Muli malisiti anayi. Atatu ndi a ngongole 1, 4 ndi 7. Lachinayi linanyowa ndi mvula, nambala yake sinawerengeke, ndipo analilowetsa kolamu ya `ya_ngongole` ili yopanda kanthu. Mlembi akufuna ngongole zomwe zilibe lisiti:

```sql
SELECT * FROM ngongole
WHERE nambala NOT IN
  (SELECT ya_ngongole FROM malisiti);
```

Funsoli silibweretsa mzere ngakhale umodzi. Chifukwa chake chimaoneka tikalimasula. Kunena kuti 2 mulibe m'mndandanda ndi kunena kuti 2 ndi yosiyana ndi 1, ndiponso ndi 4, ndiponso ndi 7, ndiponso ndi nambala yosawerengeka ija. Mfundo zitatu zoyamba ndi zoona, koma yachinayi ndi yosadziwika, chifukwa mwina lisiti lonyowalo ndi la ngongole 2 yomweyo. Pa `AND` mbali zonse ziyenera kukhala zoona, ndiye yankho lonse limakhala `UNKNOWN`. Zomwezo zichitika pa 3, 5, 6 ndi 8, pomwe 1, 4 ndi 7 zikanidwa chifukwa zilimodi m'mndandanda. Lisiti limodzi latseka lipoti lonse, ndipo woliwerenga angaganize kuti alimi onse abweza. Chowawitsa n'chakuti funso lomweli likhoza kugwira bwino ntchito kwa zaka, n'kudzasintha tsiku limene wina walowetsa mzere woyamba wopanda nambala.

Mankhwala ake ndi kufunsa mwa njira ina, yoti databesi ione ngati pali lisiti lotsimikizika la ngongoleyo:

```sql
SELECT * FROM ngongole n
WHERE NOT EXISTS
  (SELECT 1 FROM malisiti m
   WHERE m.ya_ngongole = n.nambala);
```

Mawu akuti `EXISTS` amangoona ngati mzere wapezeka kapena ayi, choncho alibe yankho lachitatu. Zituluka ngongole 2, 3, 5, 6 ndi 8. Koma kumbukirani kuti mmodzi mwa alimi asanuwa akhoza kukhala mwini lisiti lonyowa lija. Funso labwino labweza mizere, koma nambala yofufutikayo iyenera kukafunsidwa kwa munthu amene analandira ndalama.

Kutseka mpata poyambira

Ngati kolamu siiyenera kukhala yopanda kanthu, ndi bwino kuiuza databesi pomanga tebulo. Lamulo la `NOT NULL` limakana mzere uliwonse wosadzaza kolamuyo, ndipo `DEFAULT` imaika mawu oyambira okha:

```sql
mapeto VARCHAR(20) NOT NULL
  DEFAULT 'sinayenderedwe'
```

Ndi kamangidwe aka, ngongole yatsopano imayamba ili ndi mapeto odziwika, akuti palibe amene wayendera mlimiyo, ndipo sefa ya `<>` idzaiona. Izi zimayenera bwino pa makolamu ofotokoza pomwe ntchito yafika, chifukwa kusayenderedwa ndi mfundo yoona imene gulu likuidziwa. Siziyenera pa manambala ndi masiku. Mukakakamiza mlembi kudzaza zaka za munthu amene sakuzidziwa, adzalemba 0 kapena 99 kuti pulogalamu imulole kupitirira, ndipo manambala abodzawo adzalowa m'masamu onse. Pamenepo `NULL` ndi yabwino koposa, popeza `AVG` ndi `SUM` zimaidumpha pomwe 99 zimamuwerengera ngati zaka zenizeni.

Dziwaninso kuti `NULL` ikhoza kubadwa m'kati mwa funso ngakhale matebulo onse ali odzaza. Mukalumikiza matebulo awiri ndi `LEFT JOIN`, mzere wopanda mnzake mbali inayo umasungidwa, koma makolamu onse a mbali imeneyo amakhala `NULL`. Mukaika sefa ya `<>` pa imodzi mwa makolamuwo, mizere yomwe `LEFT JOIN` inasunga imatayika yonse. Choncho kudzaza tebulo sikuchotsa udindo wowerengera.

Zonsezi zikubwerera pa chizolowezi chimodzi chosavuta. Inu amene mumalemba mafunso a SQL, nthawi iliyonse mwalemba `<>`, `!=` kapena `NOT IN`, imani kaye mudzifunse ngati kolamuyo ingakhale yopanda kanthu, ndipo ngati ingakhale, lembani poyera chimene mukufuna kuti chichitikire mizere yotereyo. Inu amene mumalandira malipoti, kaya ndinu msungichuma, mphunzitsi wamkulu kapena woyang'anira chipatala, simufunika kudziwa SQL kuti mudziteteze. Pemphani manambala atatu m'malo mwa awiri: amene ali mbali iyi, amene ali mbali iyo, ndi amene sanalembedwe. Aphatikizeni, ndipo ngati sakukwana chiwerengero cha anthu onse a m'kaundula, musasaine lipotilo mpaka otsalawo atapezeka.